Mizere yakuda pa vidiyo: zimene ndaphunzira za shata ndi mababu a LED

Aliyense amene anaonerapo vidiyo ya kwaya kapena ya ukwati yojambulidwa ndi foni madzulo m'holo akuidziwa mizere yakuda yopingasa imene imakwera kapena kutsika pa chithunzi, nkhope za anthu n'kumawala kenaka n'kumada. Ambiri amati foniyo ndi yotha. Pa maphunziro anga ojambula vidiyo ndakhala pa mutu umenewu mwezi uno, ndipo ndapeza kuti nkhani yagona pa nambala imodzi, ya nthawi imene shata, chitseko cholowetsa kuwala mu kamera, imakhala yotsekula.

Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Ulendo uliwonse mphamvu imafika pachimake kawiri, choncho babu la LED lotsika mtengo, limene zam'kati mwake sizisalaza bwino magetsi, limawala n'kuzilala ka 100 pa sekondi. Diso siliona kuphethira kumeneku. Kamera imakuona, chifukwa sensa ya foni ndi ya makamera ambiri sitenga chithunzi chonse nthawi imodzi. Imawerenga mzere ndi mzere kuchokera mbali imodzi kukafika mbali ina. Mizere imene yawerengedwa babu likuwala imatuluka yowala, imene yakumana ndi babu litazilala imatuluka yakuda.

Shata ili ngati kapu imene waika pa mpopi wotulutsa madzi modukizadukiza. Ukamaichotsa nthawi zonse italandira madzi kawiri ndendende, kapu iliyonse imadzaza mofanana, kaya unaiika liti. Shata ikakhala pa 1/100 ya sekondi mzere uliwonse wa sensa umalandira kuwala kwa babu kamodzi kathunthu, pa 1/50 kawiri kathunthu, ndiye chithunzi chonse chimawala mofanana. Pa 1/60 mzere umalandira kamodzi ndi kachigawo kena, pafupifupi 1.67, ndipo kachigawoko kwa mizere ina kamagwera powala, kwa ina pozilala. Ukafupikitsa kwambiri, monga 1/500, mizere imada kwambiri, chifukwa ina imangokumana ndi mdima wokhawokha.

Ndinkamva anthu akunena kuti mankhwala ake ndi kujambula pa mafulemu 25 pa sekondi m'malo mwa 30. Zimathandiza, koma pazokha sizokwanira. Ukajambula pa 30 shata ili pa 1/50 kapena 1/100, mizere sioneka. Ukajambula pa 25 shata ili pa 1/250, mizere imakhalapo ndithu, kungoti imaima malo amodzi kapena kuyenda pang'onopang'ono, popeza fulemu iliyonse imayamba pa gawo lomwelomwelo la kuphethira kwa babu. Ubwino wa 25 ndi woti imayendera limodzi ndi 1/50. Pa iPhone umaitsegula pa Settings, Camera, Record Video, Show PAL Formats. Pa mafoni a Android amene ali ndi Pro Video umasankha wekha shata. Chithunzi chikawalitsa pa 1/50, tsitsa ISO kapena ika galasi lochepetsa kuwala la ND patsogolo pa lenzi, shata usaikhudze. Vidiyo yoyenda pang'onopang'ono ya mafulemu 120 pa sekondi ilibe pothawira pansi pa mababu otere, chifukwa shata yake singatalike kufika 1/100. Ngati kamera ikulola, sankha mafulemu 100 kapena 50 pa sekondi.

Magetsi akazima holo n'kuyatsa jenereta, masamu amasintha. Jenereta yaing'ono imapereka 50 Hz injini ikamazungulira ka 3000 pa mphindi. Ikalemedwa ndi zokuzira mawu ndi mafiriji n'kutsika kufika 2880, magetsi amakhala a 48 Hz, babu limaphethira ka 96, ndipo pa 1/50 pamaoneka mizere yofooka yoyenda mwaulesi. Apa pamafunika kamera yolola kusuntha shata pang'onopang'ono. Chida chimenechi Panasonic imachitcha Synchro Scan, Canon imati Clear Scan, Sony imati Variable Shutter. Umaloza kamera pa khoma loyera, n'kumasuntha nambala mpaka mizere itasungunuka. Chida chomwechi ndi chimene chimathandiza pa magetsi amitundumitundu a pa nsanja ndi mababu ochepetsedwa kuwala, amene amazimitsidwa ndi kuyatsidwa mazana kapena masauzande pa sekondi, pa liwiro losagwirizana ndi 50 Hz. Ngati kamera ilibe chidachi, pempha woyendetsa magetsi awakweze mpaka kumapeto, chifukwa ambiri a iwo saphethiranso akafika pamenepo, ndipo talikitsa shata momwe ungathere.

Sikirini ili ndi nambala yakeyake. Malaputopu ambiri amasintha chithunzi ka 60 pa sekondi ngakhale kuno kwathu, ndiye amafuna 1/60, pomwe babu la kudenga likufuna 1/50. Ine ndimazimitsa babulo, n'kuunikira munthu ndi kuwala kwa pawindo, kenaka n'kukweza kuwala kwa sikirini mpaka kumapeto. Timafunde tamitundu timene timavina ukasuntha kamera ndi vuto lina, la timadontho ta sikirini kukumana ndi ta sensa. Shata silikonza. Umasuntha kamera kapena kufewetsa fokasi pang'ono.

Nanga vidiyo ikakhala yojambulidwa kale? Titenge ya mlaliki ali pa guwa, yojambulidwa pa mafulemu 30, shata 1/60, kamera ili pa miyendo yake, mababu akuphethira ka 100. Pakati pa fulemu imodzi ndi inzake babu limaphethira katatu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho mizere imasuntha pa fulemu yachiwiri, imasunthanso pa yachitatu, ndipo pa yachinayi imabwerera pamene inayambira. Ukayendetsa vidiyoyo fulemu ndi fulemu umaziona ndi maso. Ndiye ukasakaniza mafulemu atatu otsatizana mofanana, malo aliwonse pa chithunzi amalandira gawo lowala ndi lakuda lomwe, mizere n'kufafanizana yokha. Mu pulogalamu yokonzera vidiyo umasanja kope zitatu, yapakati yosunthidwa ndi fulemu imodzi pa Opacity 50, yapamwamba ndi mafulemu awiri pa 33. Pa pulogalamu ya ffmpeg ndi lamulo la mzere umodzi:

```
ffmpeg -i mlaliki.mp4 -vf tmix=frames=3 -c:a copy wokonza.mp4
```

Maphunziro ambiri a pa intaneti amalangiza kope ziwiri zokha pa 50. Pa vidiyo iyi ziwiri zimangochepetsa mizere ndi theka, chifukwa kubwereza kwake ndi kwa mafulemu atatu. Kuwerenga mafulemu usanayambe ndi kumene kumakuuza kuchuluka kwa kope.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Chilichonse choyenda chimasiya chithunzithunzi m'mbuyo: dzanja la mlaliki likakwera limaoneka patatu. Khoma, guwa ndi nsalu zimakonzeka bwino, ndiye nthawi zina umasakaniza mbali zosayendazo n'kusiya munthuyo monga analili. Pa kwaya yovina kapena kamera yogwira pamanja, zotsatira zake zimaipa kuposa mizereyo, ndipo ine ndingasankhe kusiya mizere yofooka kusiyana ndi kupatsa anthu nkhope zitatu. Deflicker ya mu DaVinci Resolve Studio imayesa kutsatira zoyenda, ndipo ndi yoyenera kuiyesa pa Fluoro Light, koma nayonso imadalira kuti mizere isinthe malo pakati pa mafulemu. Mizere yoima malo amodzi, ija ya mafulemu 25 pa shata 1/250, sichoka ndi kusakaniza, popeza mafulemu onse ali ndi mdima pamalo omwewo. Imeneyo umaikonza pamanja, kuwalitsa mzere uliwonse wakuda ndi masiki yofewa m'mbali, ndipo magetsi akasuntha pang'ono kuchoka pa 50 Hz masikiyo imafunikanso kuisuntha.