Phatikizo lakhumi

Lolemba m'mawa patebulo panga panali masatifiketi atatu a ukwati ndi kalata imodzi ya kuchipatala, zonse zodikira kuchoka m'Chirasha kulowa m'Chingerezi. Ntchito yanga ya masiku onse kuno ku Mangalande ndi imeneyo: zidindo, masiku obadwa, mayina a mankhwala. Chirasha ndinachitola ndili mnyamata nditapita kukaphunzira ku Rasha, ndipo ndi chomwe chimandidyetsa mpaka lero. Kenaka kunabwera foni ya mayi wina wachikulire amene amatsogolera kakwaya ka m'dera lathu. Anati akufuna nyimbo imodzi ya Chirasha ikhale m'Chingerezi choti anthu ake angathe kuyimba, pa chuni chomwecho, osasintha noti ngakhale imodzi. Ndinawatchulira mtengo wa tsamba limodzi, poti mawu ake sadzaza n'komwe tsamba. Pofika Lachitatu ndinali nditadziwa kuti ndadzigulitsa motchipa.

Nyimboyo ndi ndakatulo ya Mikhail Lermontov ya munthu amene akutuluka yekha usiku n'kulowa mumsewu. Anailemba mu 1841, patangotsala masabata owerengeka kuti aphedwe pa ndewu yopangana ya mfuti pafupi ndi Pyatigorsk, ali ndi zaka 26. Chuni chomwe aliyense ku Rasha amachidziwa anaika ndi mayi Elizaveta Shashina mu 1861. Ndime ndi zisanu, iliyonse ya mizere inayi.

Tsiku loyamba sindinamasulire chilichonse choyimbika. Ndinangolemba tanthauzo la liwu lililonse pansi pake, kenaka ndinayamba kuwerenga maphatikizo uku ndikugogoda tebulo ndi chala. Mzere woyamba uli ndi maphatikizo 10, wachiwiri 9, wachitatu 10, wachinayi 9, choncho mpaka kumapeto. Kagundidwe kake ndi ka cholemera chotsatidwa ndi chopepuka, kasanu pa mzere, ngati mtondo womwe akusinja anthu awiri, wina wamphamvu wina wofooka. Koma Lermontov sagunda malo onse asanu. Mu mzere woyamba mawu amatsindikika pa phatikizo lachitatu, lachisanu ndi lachisanu n'chinayi basi, ndipo n'chifukwa chake mzerewo umamveka ngati munthu akuyenda mosafulumira, osati msilikali pa perete. Ndinajambula mabokosi khumi pamwamba pa pepala, n'kudetsa atatu amenewo ndi pensulo.

Vuto lenileni linali bokosi lakhumi. Mizere yaitali imathera pa liwu lomwe mphamvu yake ili pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, kenaka kamchira kopepuka: *dorógu*, msewu, kuyankhana ndi *Bógu*, kwa Mulungu. Kwa khutu la munthu wa kwathu zimenezi sizachilendo ayi. Ife mawu athu onse amathera pa vawelo ndipo timakoka phatikizo lomwelo: nyuumba, Muluungu. Ndikanakhala ndikumasulira m'Chichewa bwenzi mizere yaitaliyo ikungodzilemba yokha, ndipo ikanandivuta ndi yaifupiyo. Chingerezi ndiye chili chagada. Mawu ake olemera, a msewu, Mulungu, usiku, manda, tulo, onse ndi a phatikizo limodzi, amagwa pansi kamodzi ngati mwala. *Road* ndi *God* papepala amaoneka ngati pachibale, koma pakamwa sagwirizana, ndipo onse awiri amasiya noti yomaliza ilibe mwini.

Apa womasulira amagwa m'mbuna imodzi yodziwika bwino. Chingerezi chili ndi kamchira kamodzi kopezeka mosavuta, *-ing*, ndipo ukangokalola kamodzi kamadzaza nyimbo yonse. Lachiwiri usiku ndinali nditamaliza ndime zonse zisanu, ndikudzimva kuti ndine katswiri. Ndinaimirira m'khitchini n'kuyimbira mayi a kunyumba, omwe sadziwa Chirasha ngakhale liwu limodzi koma anakulira m'kwaya ya tchalitchi. Anamvetsera akutsuka mbale, kenaka anati, "Inu bambo, nanga nyimbo yanuyi bwanji ikungolira ngati belu la njinga?" Ndinawerenga. Pa mizere yaitali khumi, isanu ndi itatu inkathera pa *-ing*. Ndinang'amba pepalalo.

Ndime yoyamba inapulumuka Lachitatu chifukwa chosuntha katundu. M'Chirasha kunyezimira kwa msewu kuli mu mzere wachiwiri, ndipo Mulungu ali kumapeto kwa wachitatu. Nditakweza kunyezimirako kupita ku mzere woyamba, n'kumubweza Mulungu pakati pa mzere, kunatsala aneni awiri oyankhana okha popanda kuwakakamiza. Sindikukayika kuti omasulira ena anawapeza kale ine ndisanabadwe, poti Chingerezi sichipereka njira zambiri pamenepa. Zanga zinatuluka motere:

*I walk out alone. The roadway glistens,*
*Through the mist the flint runs pale and far.*
*Night is still. To God the desert listens,*
*And a star is talking to a star.*

Mzere womalizawo ndi womwe ndimanyadira sabata yonseyi, ngakhale kunena zoona unangobwera wokha. Mphamvu zake zili pa phatikizo lachitatu, lachisanu ndi lachisanu n'chinayi, malo enieni omwe zili m'Chirasha, ndipo sunawonjezere kanthu: nyenyezi ikulankhula ndi nyenyezi inzake, basi. Wachitatunso uli ndi mwayi wake, chifukwa mpumiro ukugwa pambuyo pa phatikizo lachitatu monga momwe zilili kwa mwini ndakatulo, moti oyimba amapuma pamalo omwewo.

Koma ndisabise zomwe ndinaba ndi zomwe ndinataya. *Pale and far* mulibe m'Chirasha. Mawu a Chirasha ndi aatali, ndiye ganizo lomwe limadya maphatikizo 9 kumeneko, m'Chingerezi limatha ukadali ndi mabokosi awiri kapena atatu opanda kanthu, ndipo umayenera kuikamo chinachake. Lamulo lomwe ndinadziikira ndi lakuti chowonjezeracho chikhale chinthu chomwe diso la munthu woyendayo likuona kale, monga kutuwa kwa miyala ya nsangalabwi mu nkhungu, osati maganizo atsopano. Ndikanalemba kuti mtima wake ukulira, ndikanaulula mu ndime yoyamba chinthu chomwe mlakatuli akuchisungira ndime yachiwiri, pomwe amadzifunsa chifukwa chake zikumupweteka chonchi pamene kumwamba kuli bata. Chinanso, mneni yemwe Lermontov anagwiritsa ntchito ponena za kumvetsera ndi wachikale, wa fungo la m'tchalitchi, ngati mmene ife tinganenere kuti kutchera khutu pamaso pa Chauta. *Listens* ndi liwu la tsiku lililonse, lomwe umauza mwana. Ndipo *pustýnya* pano si mchenga ndi ngamila ayi, ndi chipululu cha m'Baibulo, malo opanda munthu. Ndinasiya *desert* podalira kuti anthu oyimba m'kwaya analimvapo kuchokera paguwa.

Lachinayi ndinalimbana ndi ndime yachitatu, mtima wa nyimbo yonse, pomwe munthuyu akunena kuti sakuyembekezanso kanthu pa moyo, sakudandaula zakale, akungofuna ufulu ndi mpumulo. Liwu la mpumulolo, *pokóya*, Lermontov analiyankhitsa ndi mawu awiri olumikiza, *nichegó ya*, ndipo m'Chirasha zimamveka zaulemu ndithu. *Quiet* linakwana bwino m'mabokosi awiri omaliza, ndi vawelo yotseguka yokoma kuikoka. Koma fufuzani anzake: *diet*, *riot*, kapena kulumikiza mawu awiri ngati *buy it*. M'Chingerezi kulumikiza kotereku ndi chida cha anthabwala, omvera amayamba kumwetulira asanamve n'komwe tanthauzo. Munthu akupempha mtendere wa moyo wake wonse, ndiye wina kumbuyo kwa holo akuseka.

Pamenepo ndinaimbira foni mayi a kwaya aja n'kuwauza kuti pa zinthu zitatu zomwe anapempha, chimodzi chiyenera kugonjako pang'ono. Maphatikizo sangagonje chifukwa manoti ndi owerengeka. Mzimu wa nyimbo ukagonja ndiye kuti palibe chomwe tikuyimbira. Chotsala ndi kuyankhana kwa mathero, ndipo ndinapempha kuti m'ndime imeneyi mizere yaifupi yokha ndiyo iyankhane, yaitali ingosunga kamchira kake. Khutu limadikira kwambiri liwu lotseka ndime, la pakati limakhululuka. Anavomera, koma monyinyirika.

Mu ndime yomweyo ndinatsala pang'ono kuchita manyazi. Mneni *zabýt'sya* kwenikweni ndi kudziiwala, kumira m'tulo mpaka osadziwanso za iwe mwini. Ndinalemba *forget myself*, zonse zinakwana, mabokosi onse 9. Ndili pa basi madzulo m'pamene ndinakumbukira kuti Mngerezi akanena zimenezo amatanthauza munthu amene wataya ulemu pagulu, ngati mlamu woledzera pa chinkhoswe. Ndinasintha kukhala *Let me lose myself and fall asleep*, kuyankhana ndi *keep* ya mzere wachiwiri.

Ndime ziwiri zomaliza sizinavute kwambiri, kupatula kuti liwu la Chirasha la phokoso la masamba a mtengo wa oki ndi lalikulu kuposa *rustle*, lomwe limamveka ngati pepala la switi. Masatifiketi aja ndinawamaliza Lachisanu m'mawa, ola limodzi, mutu uli kwina.

Lachisanu madzulo ndinapita ku pulakatisi. Anthu ngati makumi awiri, holo yozizira, piyano yomwe noti imodzi inkakakamira. Papepala zonse zinali bwino, koma asopulano atafika kumapeto kwa mzere woyamba ndinamva chomwe tebulo langa silikanandiuza. Pamenepo chuni chimakoka, ndipo m'Chirasha chimakoka pa *o* wotseguka wa *dorógu*, kukamwa kuli yasa. Ine ndinaikapo *i* wamfupi wa *glistens*, wotsatidwa ndi *s*. Ena ankakoka vawelo mpaka liwulo kusanduka lina, ena ankathamangira ku *s* n'kumafwenthera ngati tayala lobooka. Mzere wachitatu chimodzimodzi, ndipo kwayayi imabwereza mizere iwiri yomaliza ya ndime iliyonse, ndiye kufwentherako kunabwera katatu. Pomwe *far* ndi *star* zinkadzaza holo yonse.

Bambo wina wa besi anafunsanso ngati ayimbe mochedwa ngati pamaliro. Ndinawaonetsa mzere woyamba wa ndime yachinayi, pomwe mlakatuli akukana yekha kuti sakunena tulo tozizira ta m'manda: akufuna kugona chifuwa chikukwera ndi kutsika, liwu lokoma likumuyimbira za chikondi, mtengo wobiriwira utawerama pamwamba pake. Mayi aja anakweza liwiro pang'ono ndipo nyimbo inadzuka.

Za *glistens* tinakangana mpaka woyang'anira holo anayamba kuzimitsa magetsi. Ine ndinkafuna ndipite nayo kunyumba ndikayesenso. Mayi a kwaya aja anati mapepala akupita kosindikiza Lolemba, ndipo ali ndi njira yawo. Anatenga pensulo yanga, n'kuuza asopulano kuti *s* asamutchule mpaka dzanja lawo litatsika, ndipo pa mapepala onse makumi awiri tinajambula kamzere kakang'ono pakati pa *gli* ndi *stens*.