Juzi isinthe mtundu, baji isakhudzidwe: pomwe ndafika

Alamu anga ali ndi kasukulu ka mkaka ku Luwinga, ndipo komiti ya makolo inagwirizana zoti juzi za ana zichoke ku buluu zipite ku maruni. Asanapereke ndalama makolowo anati akufuna aone kaye momwe zidzaonekere. Poti pabanja ponse amandidziwa kuti ndimakhalira kuseweretsa mapulogalamu opanga zithunzi, ntchito inagwera ine. Anati, "Alamu, inu mungosintha mtundu basi, baji ikhale momwemo." Mawu akuti basi amenewo andidyera masabata awiri.

Bajiyo ndi yopeta, yozungulira, inasokereredwa pachifuwa. Pakati pali buku lotsegula la ulusi woyera, kumbuyo kwake dzuwa lachikasu, pansi pake ulusi wabuluu, ndipo m'mphepete mwazungulira mawu akuti KUPHUNZIRA NDI KUWALA. Ndinajambula juzi ili pa hang'ala pakhonde, m'mawa kuli mitambo, kuti pasakhale mithunzi yakuda.

Sabata yoyamba ndinayamba ndi zida za pa intaneti zija umangoponyamo chithunzi n'kulemba zomwe ukufuna. Pulompiti yanga yoyamba inali iyi:

```
Make this school jersey maroon
```

Juzi inatuluka yokongola, mpaka nthiti za ulusi m'manja zinkaoneka bwinobwino. Koma nditakuza chithunzi, buku linali litasanduka chinthu chonga mbalame, ndipo mawu aja ankawerengeka KUPHUNZIBA NOI KUWAIA. Ulusi wabuluu wa mkati mwa baji nawonso unali utasanduka maruni.

Apa ndinalakwitsa momwe ndikukhulupirira kuti ambiri amalakwitsira. Ndinaganiza kuti chidacho sichinamvetse baji, ndiye ndinailongosola yonse mu pulompiti: buku, dzuwa, mawu onse chilembo ndi chilembo. Zilembo zinatuluka zolondola ndithu, koma sinali baji yathu. Inali baji yatsopano yokhala ndi buku ndi dzuwa, zilembo zake zosalala ngati zodinda, buku lalikulu kuposa lenileni. Ukachilongosolera chidacho zomwe zili pa baji, umakhala wachipatsa malangizo ojambulira ina. Chofunika n'kuchilozera pomwe baji ili n'kuchiuza kuti chisaigwire, osati kuchiuza kuti mkatimo muli chiyani.

Nditayesa kambirimbiri, yomwe yandithandiza kwambiri ndi iyi:

```
Change only the knitted fabric of the jersey from navy blue
to maroon. The round embroidered badge on the right side of
the image stays exactly as in the original photo: same
stitching, lettering, size and position. The blue thread
inside the badge stays blue. Keep folds, lighting and
background unchanged.
```

Muli zinthu ziwiri zomwe ndinaziphunzira movutikira. Choyamba, ndinasiya kulemba kuti `jersey` yonse isinthe, n'kuyamba kulemba `knitted fabric`, chifukwa kwa chidacho baji ndi mbali ya juzi, pamene nsalu yolukayo ndi chinthu chapachokha. Chachiwiri ndi nkhani ya kumanzere ndi kumanja. Baji ili kumanzere kwa wovala, koma pachithunzi imaoneka kumanja. Nditalemba `left chest`, ulendo wina zinandipatsa mabaji awiri, yakale kuno ina yopeka uko. Tsopano ndimatchula mbali ya chithunzi. Chiganizo cha ulusi wabuluu nachonso n'chosayenera kuchisiya: mtundu womwe ukuuchotsa pansalu ukapezekanso mkati mwa baji, umakokoloka nawo limodzi pokhapokha utautchula.

Ngakhale ndi pulompiti imeneyi, pa zithunzi 10 zinayi zokha ndi zomwe zilembo zinkawerengeka zonse. Chifukwa chake sichili m'mawu ayi, chili m'kukula kwa baji. Foni yanga imajambula 3000 kwa 4000, ndipo baji inali ya mapikiselo 360 m'lifupi. Chithunzi chikachepetsedwa kufika 768 kwa 1024, baji imatsala ndi mapikiselo 92. Ndiye Stable Diffusion, pulogalamu yopanga zithunzi yomwe ndimaidziwa bwino mkati mwake, sijambula pa mapikiselo enieniwo: imayamba yapanikiza chithunzi kasanu ndi katatu mbali iliyonse, n'kugwira ntchito pa kachithunzi kopanikizidwako, kenako n'kukafutukula. Mapikiselo 92 kugawa ndi 8 ndi timabokosi 11 ndi theka. Mawu a pa baji ali ndi zilembo 19. Zilembo 19 zosokedwa mokhota m'mphepete mwa timabokosi 11, palibe pulompiti yomwe ingazipulumutse. Pofutukula pulogalamu imangolota kuti apa panali chinthu chonga R, n'kuika B.

Nditadula chithunzi kuti pangotsala chifuwa ndi kolala, baji n'kukula kufika mapikiselo 250, zilembo zinayamba kutuluka zolondola pafupifupi nthawi zonse. Choncho musanalimbane ndi mawu, yandikirani baji.

Koma kuwerengeka si kufanana. Njira yomwe ndimayesera ndi iyi: mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, ndimaika chithunzi choyamba pansi, chatsopano pamwamba, zonse zofanana kukula, kenako leya yapamwamba ndimaisinthira ku `Difference`. Paliponse pomwe sipanasinthe pamada bii, pomwe pasintha pamawala. Juzi iyenera kuwala, baji iyenera kuda. Pa zithunzi zomwe ndinkaziona ngati zabwino kwambiri, baji inkawala timizeremizere m'mbali mwa chilembo chilichonse, kusonyeza kuti inajambulidwanso ndipo inasunthako pang'ono. Maso a makolo sangaone zimenezo pa foni. Koma atelala akatenga chithunzicho ngati chitsanzo chopetera mabaji atsopano, zolakwika zonse zilowa mu ulusi.

Sabata yachiwiri ndinasiya kupempha, ndinayamba kutchinga. Mnzanga wa ku Katoto ali ndi kompyuta yokhala ndi khadi la zithunzi lamphamvu, ndipo anaikamo Stable Diffusion WebUI. Ndinapanga masiki mu GIMP: juzi yonse yoyera, baji ndi khoma zakuda. Choyera ndi chomwe pulogalamu imaloledwa kusintha. Ndinailowetsa pa `img2img`, gawo la `Inpaint upload`, ndi zosankha izi:

```
Mask mode: Inpaint masked
Masked content: original
Inpaint area: Whole picture
Mask blur: 2
```

Ubwino wa njira imeneyi ndi woti pomaliza pulogalamu imabwezeretsa mapikiselo a chithunzi choyamba pamalo onse akuda. Baji sidaliranso kumvera kwa chidacho. Ndipo pulompiti imatembenuka: pano sutchulamo baji m'pang'ono pomwe, chifukwa ukaitchula pulogalamu imafuna poiika, ndipo malo okhawo omwe yaloledwa ndi pansalu.

```
Prompt: maroon knitted wool school jersey, rib knit, soft daylight
Negative prompt: logo, badge, emblem, text, letters
```

Chomwe chinanditopetsa ndi `Denoising strength`, nambala yomwe imauza pulogalamu kuti isinthe chithunzi mochuluka bwanji. Pa 0.4 juzi inakana, inangokhala yabuluu wotuwa. Pa 0.75 inakhala maruni weniweni, koma kalukidwe kanasintha, makwinya a m'khwapa anatha, kolala n'kukhala ya mtundu wina. Pakati pake, cha m'ma 0.55, inkatuluka yamawangamawanga ngati yachapidwa ndi jiki. Tinatha madzulo onse tikukweza ndi kutsitsa nambala, kunja kukuwaza mvula yathu ya ku Mzuzu ija yosadziwika poyambira, mpaka magetsi anatithandiza kuweruka.

Yankho linabwera tsiku lotsatira, ndipo n'lochititsa manyazi kuphweka kwake. Mtundu usinthe wekha kaye. Mu GIMP ndinasankha juzi ndi masiki yomwe ija, n'kupita pa `Colors`, kenako `Colorize`, n'kuipaka maruni. Imaoneka yafulati ngati pepala, koma makwinya onse amakhalapo. Chithunzi chopakidwacho ndicho ndinalowetsa mu `Inpaint upload`, `Denoising strength` ili pa 0.35. Ntchito ya pulogalamu inangotsala yobwezera moyo wa ulusi, ndipo pa nambala yotsika chotere siisokoneza maonekedwe a chovala. Ndinakhomanso `Seed`, poyambira pa pulogalamu ikamajambula, pa nambala imodzi kuti ndikasintha chinthu chimodzi ndidziwe kuti kusiyana kwachokera pamenepo.

Vuto lomwe linatsala linali m'mphepete mwa baji. Bowo lakuda la pa masiki likakula pang'ono, kuzungulira baji kumatsala kamzere kabuluu ka nsalu yakale, koonekeratu ngati mphete. Likachepa, maruni amalowerera pa ulusi woyera wa m'mphepete n'kuusandutsa pinki. `Mask blur`, yomwe imafewetsa malire a masiki, imabwera ili pa 4, ndipo pa baji yaing'ono chonchi zinayizo zinkadya m'mphepete, n'chifukwa chake ndinatsitsa kufika pa 2. Bowolo ndinalidula motsatira ulusi wa kunja ndendende, chithunzi nditachikuza kwambiri, ndi chida cha `Paths` osati burashi. Kamthunzi kochepa komwe baji imaponya pansalu ndinakasiya kumbali yoyera, kuti nako kasinthe mtundu. Ndikanakatchinga, baji ikanaoneka ngati yomata ndi guluu.

Nditayesa ndi `Difference`, poyerekeza ndi chithunzi choyamba chochepetsedwa mofanana, baji inada bii, kupatula kamzere kowonda kozungulira kunja. Sungani ngati PNG musanayese, chifukwa JPEG imawaza timadontho paliponse n'kukunamizani kuti pasintha zinthu. Chithunzi chopita kwa atelala ndinachikuza kubwerera pa 3000 kwa 4000, n'kudula baji ya pa chithunzi cha foni chija n'kuikhazika pamalo pake, kuti ulusi uzioneka umodziumodzi.

Alamu atachiona anakondwa, koma anafunsa funso labwino: "Nanga maruni ameneyu akapezeka kumsika?" Ndinawauza kuti asadalire sikirini. Pa foni yawo juzi inkaoneka yofiira kuposa pa laputopu yanga. Apita ku Taifa Market kukatenga kachidutswa ka nsalu ya mtundu womwe akufuna, ndidzakajambula pambali pa juzi pakhonde lomwe lija nthawi yomwe ija, kenako mtundu wa `Colorize` ndidzautengera pamenepo.

Chomwe sichinatheke mpaka pano ndi magofu a aphunzitsi. Pa amenewo palibe baji yosokerera: mawu ndi buku anazipeta pansalu penipeni, moti pakati pa zilembo ndi mkati mwa A ndi R mukuoneka nsalu ya shati. Ndikatchinga malo onsewo ndi bowo limodzi, pachifuwa pamatsala chigamba chabuluu. Ndikapanda kutchinga, zilembo zimaphwanyika. Ndayesa kusankha ulusi woyera wokha ndi `Select by Color`, ndipo zilembo zikuluzikulu zikugwirika, koma m'mbali mwake mukutsalabe buluu wonyezimira kuchokera ku nsalu yakale. Loweruka ndikajambulanso gofuyo chapafupi kuti chilembo chilichonse chikhale ndi mapikiselo okwanira, kenako ndiyese kupaka ndi `Colorize` mokha m'timipata timeneto, pulogalamu ija ndiisiyire nsalu ya kutali ndi mawu.