Ulendo wa ku Bembeke: Amayi Akwanitsa Zaka 70

Loweruka lapitali tinanyamuka ku Lilongwe m'mamawa, anthu khumi ndi anayi m'minibasi yahayala: ife ana anayi, alamu athu ndi zidzukulu. Ndalama za ulendowu tinasonkherana kwa miyezi itatu, ndipo msungichuma anali achimwene aakulu. Tinaima pang'ono pa Chimbiya kugula nyama yambuzi. Titadutsa pa boma la Dedza, nkhungu inali itaphimba phiri, ana n'kuyamba kulimbirana majuzi. Keke ndinainyamula pamiyendo njira yonse, komabe titakhota kulowera ku Bembeke mabampu anaiphwanya mbali imodzi.

Pakhomo tinapeza thobwa la chimera cha mawere lili mumtsuko, koma mwini tsiku kulibe. Anali kudimba.

Ndinawatsatira ndekha. Ndinawapeza atawerama pakati pa mizere ya kachewere, akutembenuza masamba limodzilimodzi. Amafufuza chiwawu. Nyengo ya nkhungu ngati ino matendawa sachedwa: amayamba ndi timadontho takuda m'mphepete mwa tsamba, kunsi kwake kuli ngati ufa woyera, ndipo ukazengereza kupopera mankhwala munda wonse umaoneka ngati wapsa ndi moto.

"Amayi, lero ndi tsiku lanu, tiyeni kunyumba."

"Mwanawe, dikira nditsirize mzerewu. Mwayenda bwanji? Ana adya?"

Amayi, dimba limeneli ndi lomwe linandiphunzitsa ine sukulu. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994, koma ku sekondale fizi inkafunika ndithu, ndipo apo n'kuti abambo atatisiya. Mukakumba kachewere munkamusankha patatu: wamkuluwamkulu wogulitsa kumsewu, wapakati ngati dzira la nkhuku wosunga mbewu, ndi tating'onoting'ono todya ife. Mbewuyo munkaiyala m'chipinda chopita mphepo mpaka itatulutsa maso, ndipo ngakhale njala ya 2002 itafika povuta simunalole kuti ilowe mumphika. Ndinalira usiku wina, ndikuona mbatata ili pomwepo. Munandifungatira n'kunena kuti imeneyo ndi fizi yanga ya chaka chamawa. Ndinamvetsa nditakula.

Masana tinawaveka chitenje chofanana ndi chathu, n'kuwapatsa bulangete lochindikala ndi nsapato zadimba. Amayi anzawo a kutchalitchi anabwera ndi nyimbo, nthungululu zili pakamwa, ndipo agogo a ana athu anavina mpaka mpango kugwa. Keke yophwanyikayo anaidula okha, n'kuyamba kugawira zidzukulu, iwo n'kutsala ndi kachidutswa.

Pobwerera, minibasi inalemera kuposa pobwera: banja lililonse ndowa ya kachewere, kabichi ndi nsawawa. Pondipatsira yanga ndinagwira manja awo, ozizira, ong'aluka m'zala, ndipo sindinafune kuwasiya.

Zaka 70 zabwino, Amayi anga. Mulungu akusungeni. Mwati mukumba mu Seputembala. Ndapempha kale tchuthi, ndibwera ndi khasu langa.