Lachiwiri limene shopu sinatsegulidwe

Shopu yathu yosoka ili ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique. Tilipo awiri, ine ndi mng'ono wanga amene akuphunzira ntchito. Lachiwiri lina mbandakucha mwana wanga anatentha thupi, tinathamangira naye kuchipatala, ndipo anamupeza ndi malungo. Tinabwerako dzuwa litalowa.

Sabata imeneyo ndinali ndi madiresi 6 a operekeza mkwatibwi, ukwati wake Loweruka, ndi mayunifolomu 8 a mabanja atatu omwe ndinalonjeza Lachisanu. Pa tsiku ndimasoka madiresi awiri basi. Lolemba ndinali nditamaliza awiri, ndiye anayi anali akadali nsalu.

Kale ndikanati ndichezera usiku. Ndinayesapo chaka china, tulo tili m'maso, ndipo ndinadula manja awiri a mbali imodzi pa kapulana ya mwini. Ndinagula ina ndi ndalama zanga.

Ulendo uno ndinatenga kope, mwana atagona, n'kuyamba kuwerenga chobwerera kuchokera Loweruka. Ukwati susuntha. Diresi liyenera kuyesedwa pa thupi la mwini, ndipo pakati pa atsikana 6 sipalephera wina wofuna kubweza m'chiuno kapena kutsitsa mpendero. Lachisanu m'mawa ndinalisungira zimenezo. Kuyesa, komwe kunali Lachinayi m'mawa, ndinakukankhira madzulo ake. Lachitatu madiresi awiri, Lachinayi awiri. Apa zinaonekeratu kuti tsiku lotayikalo ligwera pa mayunifolomu.

Lachitatu 6 koloko m'mawa ndinaimbira mabanja onse atatu. Sindinafunse ngati angadikire, chifukwa funso lotero aliyense amayankha kuti ayi. Ndinafunsa kuti ndi mwana uti alibiretu chovala kusukulu Lolemba. Anapezeka atatu. Enawo anali ndi akale, othina koma ovalika.

Mayi wina sanakondwe. "Amayi, munati Lachisanu," anatero. Ndinawauza za mwana, ndinawapatsa tsiku lenileni, Lachiwiri lotsatira, ndi kuwachotsera metikali 50 pa yunifolomu iliyonse. Ndikanawauza Lachisanu atafika kale pakhomo, si metikali 50 yokha ikanandithera.

Mng'ono wanga ndinamupatsa mabatani, mipendero ndi kusita. Sizasi sindinam'patse, kudula sanafikepo. Ulendo wanga wa ku Calómuè, kumalire ndi Dedza, wokagula zipi ndi ulusi ndinaufafaniza. Ndinagula zochepa pamsika pompano, modula pang'ono.

Lachisanu masana ndinalisiya lopanda kanthu mwadala, poopa kuti mwana angafunike kubwerera kuchipatala kapena magetsi angathime. Mwana anachira bwino. Magetsi ndiwo anathimadi Lachinayi, maola atatu, ndipo diresi lomaliza linalowa m'malo opanda kanthuwo. Mwini wake anadzaliyesa yekha Lachisanu madzulo. Mayunifolomu atatu aja ndinawasoka Loweruka, anzanga akuvina kuukwati, nyimbo zikumveka mpaka m'shopu.