Ku Kilwa, kumene mphepo ya kaskazi imathera mphamvu

Kuchokera ku Dar es Salaam, basi inatitengera pafupifupi tsiku lonse kukafika ku Kilwa Masoko, pagombe la kum'mwera kwa Tanzania. M'mawa mwake tinawolokera pachilumba cha Kilwa Kisiwani pa kangalawa ka thanga limodzi. Woyendetsa wake, amene kumeneko amamutcha nahodha, sanalize injini ngakhale inalipo. Munali mu Januwale, ndipo mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa inkakwanira kutikankha.

Mphepo imeneyi Aswahili amaitcha kaskazi. Imayamba cha mu Novembala n'kumaomba mpaka Malichi. Kenako nyanja imachita bata pang'ono, mvula n'kugwa, ndipo kuyambira Epulo mpaka cha mu Seputembala mphepo imatembenuka n'kumachokera kum'mwera. Iyoyo ndiye kusi, ndipo nyengo yake ndi yomwe ija kwathu mwera umavundula nyanja ya Malawi. Chimachititsa ndi mtunda waukulu wa Asia. Ukatentha m'miyezi ya pakati pa chaka, mpweya wa pamwamba pake umakwera ndipo wa panyanja umathamangira komweko. Mtundawo ukazizira, mphepo imabwerera kunyanja.

Kale, nahodha wa ku Oman kapena ku Indiya ankapachira katundu kumapeto kwa chaka: nsalu, mikanda, zipatso za kanjedza, nsomba zamchere ndi mbale zadothi. Kaskazi ikakhazikika ankakweza thanga, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi amakhala atafika ku gombe la Africa. Akafika sakanatha kubwerera, chifukwa chombo cha thanga cholemedwa ndi katundu sichilimbana ndi mphepo yoomba kumaso ulendo wonse. Ankakhala miyezi akugulitsa, kukonza chombo, ena mpaka kukwatira konko.

Chimene ndinkafuna kumvetsa kwenikweni ndi nthawi yobwerera. Kusi imaomba miyezi yambiri, koma si yonse yoyendeka. Mu Juni ndi Julayi imakalipa kwambiri, moti madoko a kumadzulo kwa Indiya ankatsekeka ndi mafunde. Choncho mipata inali iwiri yokha: kunyamuka mu Epulo kusi ikungoyamba, kapena kudikira kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala ikamazilala. Tinene kuti munthu wafika mu Febuluwale, koma minyanga ya njovu yochokera kumtunda yachedwa mpaka Meyi. Ameneyo mpata woyamba wamudutsa, ndipo azidyetsa amalinyero ake miyezi ina itatu kapena inayi chombo chili chimangire padoko. Akaumirira kunyamuka mochedwa, akakumana ndi namondwe ali pakati pa nyanja.

Apa ndi pamene Kilwa inalemerera. Kaskazi imachepa mphamvu ukamatsikira kum'mwera, ndipo imachedwa kufika n'kufulumira kutha. Kilwa inali cha kumalire kwa dera limene chombo chochokera ku Arabia kapena ku Indiya chikanafika n'kubwerera kwawo m'chaka chomwecho. Koma golide ankachokera kum'mwera kwambiri, ku mapiri a Zimbabwe, n'kutulukira padoko la Sofala ku Mozambique. Alendo akutali sankafuna kutaya chaka chathunthu pomutsatira. Ngalawa za ku Kilwa ndi zimene zinkatsikira ku Sofala, kukatenga golideyo n'kumusunga mpaka zombo zazikulu zitabwera, mfumu ya ku Kilwa n'kumadula msonkho polowa ndi potuluka pomwe.

Chumacho chikuonekabe m'mabwinja. Tinalowa mumzikiti waukulu, wa nsanamira zambiri ndi denga lozungulira, womangidwa ndi miyala ya m'nyanja. Kenako tinayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo kukaona Husuni Kubwa, nyumba yachifumu ya m'zaka za m'ma 1300, yomwe ili pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja. Ili ndi dziwe losambira la mbali zisanu ndi zitatu, koma ine chinandigwira mtima ndi bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi zipinda zosungira katundu. Mfumu inkagona pafupi ndi nkhokwe zake. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anafika kuno mu 1331, ndipo Apwitikizi analanda mzindawu mu 1505.

Pobwerera tinapatukira ku Kilwa Kivinje, tauni ya pagombe yomwe inakula m'zaka za m'ma 1800. Kumeneko mtima wanga unalemera. Anthu amene a Jumbe a ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja ya Malawi ngati akapolo, ambiri ulendo wawo wapansi unkathera pagombe limeneli. Ankawakweza m'zombo kupita ku Zanzibar, kumene msika wa akapolo unatsekedwa mu 1873, ndipo ena ankawapititsa ku Arabia pa kusi yomwe ija, limodzi ndi minyanga ndi mitengo yofolera nyumba. Padokopo lero pamaima ngalawa za asodzi ndi zonyamula katundu kupita kuchilumba cha Mafia, ndipo nyumba zakale za amalonda zikugwa pang'onopang'ono.