Kabokosi ka malita 40 kandidyera sabata

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: giza yodontha ku Namiwawa, mipope iwiri ku Chitawira, ndi chimbudzi cha ku Chilomoni chomwe mwana anaponyamo kagalimoto kake. Lachitatu m'mawa, chiperoni chitakuta tauni yonse, foni inalira. Anali mayi a lesitilanti ina yaing'ono ku Limbe, komwe ndinayala mapaipi a kukhitchini miyezi inayi yapitayo.

"A pulambala, ntchito yanu ija yatichititsa manyazi. Madzi akubwerera m'sinki, makasitomala akununkhidwa."

Mawu akuti "ntchito yanu" ndi amene anandipweteka. Pomanga paja ndinawauza a folomani a kontirakita kuti thirapu ya mafuta, bokosi logwira mafuta a m'madzi otsukira kuti asakatseke mapaipi, tiyambe tawerengera kukula kwake. Anandiyankha kuti bajeti yatha, ndipo anabwera ndi kabokosi kachitsulo kowotcherera ka malita 40, nati, "Madala, paipi ndi ya mamilimita 50, polowera pa bokosi ndi pa 50, vuto lili pati?" Anakasankha chifukwa kanakwana pansi pa sinki, basi. Ine ndinalumikiza. Pamenepo ndiye kulakwa kwanga, ndikuvomera, ndikanakana.

Nditafika sindinayambe ndi kuthibula. Ndinatsegula kaye kabokosi kaja: mkati munali madzi otuwa, mafuta oyandama osakwana ndi chala chimodzi chomwe. Mayi aja anasangalala, ati ndiye kuti bokosi lilibe mlandu. Ndinawatengera panja, n'kutsegula manholo oyamba, mamita asanu ndi limodzi kuchokera pakhoma. Paipi ya mamilimita 110 inali itatsala kabowo kongokwana chala chachikulu, kwina konseko mafuta oyera, olimba ngati sopo wamtanda, osakanikirana ndi nkhoko za nsima ndi mamba a chambo. Thirapu ikakhala yoyera koma paipi ya kutsogolo kwake itatsekeka, dziwani kuti mafuta akungodutsa osaima. Amachoka m'sinki ali osungunuka, n'kukaundana panja pomwe paipi yazizira, ndipo ndi kuzizira kwa Juni kuno sachedwa.

Nditathibula paipiyo, ndinatulutsa tepi. Khitchini imeneyi ili ndi sinki ya mbale ya zigawo ziwiri, chilichonse masentimita 50 m'litali, 40 m'lifupi ndi 30 kuya, ndiye kuti malita 60 chigawo chimodzi, 120 zonse ziwiri. Pambali pali sinki yaikulu ya mapoto ndi ziwaya, 60 kwa 60 kwa 40, yomwe imalowa malita 144. Zonse pamodzi malita 264. Palibe amene amadzaza sinki mpaka kukamwa, komanso mapoto amatenga malo, choncho timawerengera magawo atatu mwa anayi: malita 198.

Funso lenileni ndi lakuti madzi amenewa amatuluka pa nthawi yaitali bwanji. Ndinadikira mpaka cha m'ma 2 koloko, nkhomaliro itatha, kuti ndione mmene anyamata amatsukira. Monga ndinkaganizira, amazula zotsekera zonse zitatu nthawi imodzi kuti athire madzi ena. Ndinayatsa wotchi ya pafoni: mphindi ziwiri, masinki mbee. Malita 198 pa mphindi ziwiri ndi malita 99 pa mphindi, kapena 1.65 pa sekondi. Tsono gawani malita 40 a kabokosi kaja ndi 99. Madzi amakhalamo masekondi 24 okha. Mafuta amayandama chifukwa ndi opepuka kuposa madzi, koma timadontho tating'ono timakwera pang'onopang'ono, ndipo timafuna madzi odekha. Pa masekondi 24, madzi akuwinduka ngati mtsinje wa Mudi nthawi ya dzinja, palibe chimene chingakwere.

Thirapu yopangidwa kufakitale, yoyesedwa bwino, ya kukula koyenera ikanathandiza, koma mtengo wake mayi aja anangogwira pakamwa. Tinagwirizana zomanga ya njerwa panja. Pa ya njerwa ndimabwereka manambala a muyezo wa ku Ulaya wa EN 1825: pa lita imodzi iliyonse pa sekondi, malita 240 a malo olekanitsira mafuta ndi malita 100 a zinyalala zomira pansi. Muyezo womwewo umati ngati akugwiritsa ntchito sopo, muchulukitse ndi 1.3, chifukwa sopo amaswa mafuta kukhala timadontho tosafuna kuyandama. Madzi akamapitirira madigiri 60 mumachulukitsanso ndi 1.3 wina, koma pano madzi amafunditsa pa mbaula ndipo akamafika m'sinki amakhala atapola.

```
1.65 x 1.3 ≈ 2.1
2.1 x (240 + 100) = 714
1.5 x 0.7 x 0.7 = 0.735
```

Pakufunika malita 714, ndiye kuti dzenje la mkati mwake mita imodzi ndi theka m'litali, masentimita 70 m'lifupi, ndipo madzi azikhala akuya masentimita 70, malita 735. Kuyerekeza ndi kabokosi kaja, n'kuwirikiza ka 18. Dziwani kuti 70 ameneyo timayeza kuchokera pansi kufika pa paipi yotulukira, osati pa chivundikiro. Ndaonapo amisiri ambiri akuyeza dzenje lonse, n'kupezeka kuti theka lake ndi mpweya.

Lachinayi a folomani aja anabwera, ataitanidwa ndi mayi. Anayang'ana pepala langa nati ndikungofuna kukulitsa ntchito. Sindinakangane nawo. Ndinawapempha kuti aime pa manholo, mnyamata wanga anathira kapu imodzi ya mafuta a m'chiwaya m'sinki yodzaza n'kuzula chotsekera. Mphindi isanathe, mafuta aja anali akunyezimira pamapazi pawo. Anangoti, "Chabwino madala, koma simenti si yathu." Mpaka lero sanapepese, ndipo matumba a simenti analipira ndi mayi aja.

Tinakumba mamita awiri kuchokera pakhoma la khitchini, pafupi ndithu, kuti mafuta asaundane m'njira asanafike. Paipi yolowera ndinaipatsa kutsetsereka kwa masentimita awiri pa mita iliyonse. Mkati tinamanga kakhoma kogawa dzenje pawiri, polowera ndinaika tii, cholumikizira mapaipi chooneka ngati chilembo T, woloza pansi kuti madzi asamalowe mothamanga n'kuvundula zoyandama, ndipo potulukira tii wina wotsika mpaka pafupi ndi pansi kuti azikoka madzi a m'munsi mwa mafuta. Wina anati tilumikizeko chimbudzi cha antchito poti chili pomwepo. Ndinakana. Za kuchimbudzi sizilowa m'thirapu ya mafuta, zimakakumana ndi madziwa kutsogolo.

Lachisanu madzi anasiya kuyambira m'mawa, moti pulasitala tinapondera madzi ogula a m'zigubu, ndipo kuyesa ngati dzenje likudontha kunalephereka. Ntchito ya ku Nyambadwe yomwe ndinalonjeza tsikulo ndinaitaya, eni ake anaitana wina.

Loweruka ndinabwerera ndi ndodo yansungwi, nditailemba mzere pa masentimita 17 kapena 18, gawo limodzi mwa anayi a kuya kwa madzi. Ndinamupatsa mnyamata wotsuka mapoto n'kumuonetsa mopimira: mafuta a pamwamba ndi matope a pansi zikaphatikizana n'kufika pa mzerewo, achotse, asadikire fungo. Ndinamuuzanso kuti mafuta otsala m'chiwaya azithira m'chigubu, ndipo mapoto azipala kaye nkhoko asanawaviike. Mayi aja anandifunsa ngati kabokosi kachitsulo kaja kangagwire ntchito ina. Pano akusungiramo makala.