Bizinesi yathu yokonza makina a magemu, ndi chithunzi chimene chimasowa munthu akasintha wailesi ya kanema

Bizinesi yathu ndi yaing'ono, ndipo ntchito yake ndi yokonza makina osewerera magemu monga PlayStation ndi Xbox. Pamene tinkaiyamba tinali ndi zida zotsegulira makina ndi zowotcherera tizitsulo ta m'kati, chifukwa tinkayembekezera kuti makasitomala azitibweretsera makina opsa, ofunika kusintha fani kapena othyoka bowo la HDMI, polowetsa chingwe chopita ku wailesi ya kanema. Makina otere amabweradi, koma posakhalitsa tinaona kuti pali dandaulo lina limene limabwerezedwa kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri silifuna kuti timasule ngakhale sikuluu imodzi. Munthu amafika n'kunena kuti makina ake ankagwira bwino ntchito, koma atangowalumikiza ku wailesi ya kanema ina, chithunzi chinasoweratu. Dandaulo limeneli ndi limene linaumba kagwiridwe kathu ka ntchito, moti lero lamulo loyamba pa thebulo lathu ndi lakuti makina osaonetsa chithunzi satsegulidwa mpaka titawayesa kaye pa rezolushoni yotsika.

Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo rezolushoni ndi chiwerengero cha timadontho timeneto m'lifupi ndi m'litali. Chithunzi cha 720p chili ndi timadontho 1280 kuchulukitsa ndi 720, cha 1080p chili ndi 1920 kuchulukitsa ndi 1080, pamene cha 2160p, chimene anthu ambiri amachidziwa kuti 4K, chili ndi 3840 kuchulukitsa ndi 2160, kutanthauza kuti timadontho take n'tochuluka kanayi kuposa ta 1080p. Makina ndi wailesi zikalumikizidwa ndi chingwe cha HDMI, wailesiyo imatumiza kamndandanda kotchedwa EDID, kofotokoza mitundu ya zithunzi imene ingathe kulandira. Ngati makinawo ali pa Automatic, amawerenga kamndandandako n'kusankha chithunzi choyenera. Vuto limabadwa pamene mwiniwake anasankha yekha rezolushoni yapamwamba pa wailesi yakale, chifukwa makinawo amasunga chisankhocho ndipo angapitirize kutumiza chithunzi chomwecho ku wailesi yatsopano imene singachimasulire. Zili ngati munthu amene akulankhula bwinobwino koma m'chinenero chimene mnzakeyo sachimva. Makinawo ali moyo, wailesiyo ili moyo, koma pa sikirini pali mdima.

Chovuta pamenepa n'chakuti malo osinthira rezolushoni ali m'kati mwa menyu amene simungathe kuwaona. Apa ndi pamene anthu ambiri amawonongera zinthu, ena pozula pulagi makina akadali oyaka, ena podina mabatani a kontirola mwachisawawa ali mumdima, ndipo enanso pogwedeza chingwe mwamphamvu mpaka bowo la HDMI kuwonongeka. Ife timati vuto la rezolushoni palokha silipweteka makina, koma zimene munthu amachita chifukwa cha mantha ndi zimene zimawapweteka.

Ndifotokoze nkhani ya kasitomala wina amene anatibweretsera PS4 Pro, chifukwa ikusonyeza bwino ndondomeko imene timatsatira. Bamboyo anali atagwiritsa ntchito makinawo pa wailesi ya 4K, ndipo anali atasankha yekha 2160p pofuna kuonetsetsa kuti chithunzi chikhale chakuthwa nthawi zonse. Kenako anawasamutsira pa wailesi yaing'ono imene malire ake anali 1080p, ndipo kuyambira pomwepo sanaonenso kalikonse. Tisanakhudze makinawo tinawafunsa kuti, "Bambo, kodi wailesiyo inkalemba chiyani pa sikirini, nanga kanyale ka pa makinawa kankaoneka bwanji?" Anayankha kuti kanyaleko kankayamba ndi mtundu wa buluu kenako n'kukhazikika poyera, ndipo wailesi inkalemba uthenga wonena kuti singathe kuonetsa mtundu wa chithunzi umene ikulandira.

Mayankho awiriwa anatiuza zambiri. Pa PS4, kanyale koyera kosathwanima kamatanthauza kuti makina ayaka mpaka kumapeto ndipo akugwira ntchito, pamene kanyale kabuluu kothwanima kosaleka kamasonyeza kuti makinawo akulephera kumaliza kuyaka, ndipo limenelo lingakhale vuto lina lakuya. Uthenga wa pa wailesi nawonso uli ndi tanthauzo. Mawu akuti No Signal amasonyeza kuti palibe chimene chikufika pa bowo limene mwasankha, choncho choyamba kukayikira ndi chingwe, bowo, kapena kuti rimoti yaloza HDMI 1 pamene chingwe chili pa HDMI 2. Koma uthenga ngati Mode Not Supported kapena wofanana nawo umasonyeza kuti chinachake chikufika, kungoti wailesiyo ikuchikana. Mawilesi ena salemba kanthu ndipo amangoda, choncho chizindikirochi n'chothandiza koma sichodalirika pa wailesi iliyonse.

Tinalumikiza makinawo ku wailesi yathu ya 1080p ndi chingwe chimene tikudziwa kuti n'chabwino, ndipo mdima unali womwewo. Gawo loyamba linali kuwazimitsa moyenera popanda kuona sikirini. Tinadina batani loyatsira la pa makina penipeni n'kuligwira kwa masekondi pafupifupi 7 mpaka makinawo analira kachiwiri, kenako tinadikira kuti kanyale kasiye kuthwanima n'kuzimiratu. Kudikira kumeneku sitikunyalanyaza, chifukwa kanyale kakamathwanima ndiye kuti makina akadali kulemba zinthu pa hadi disiki, ndipo kuzula pulagi pa nthawiyo kungawononge zimene munthu wasunga. Kanyale kakakhala kachikasu kofiirira, makinawo angogona chabe, sanazime.

Makinawo atazimiratu tinadinanso batani lomwelo n'kuligwira. Makina amalira kamodzi mukangodina, ndipo amaliranso pakatha masekondi pafupifupi 7, pamenepo ndi pamene mumachotsa chala. Izi zimayatsa makinawo mu Safe Mode, imene imatumiza chithunzi chotsika chimene pafupifupi wailesi iliyonse imalandira. Pa sikirini panaoneka mawu otiuza kulumikiza kontirola ndi chingwe cha USB n'kudina batani la PS. Chingwecho chiyenera kukhala chodutsa uthenga osati chongotchajira, chifukwa mu Safe Mode kontirola siigwira ntchito popanda chingwe, ndipo taonapo anthu akuganiza kuti makina auma pamene vuto linali chingwe cha USB chokha.

Kuoneka kwa mawu amenewo kunali kale yankho lalikulu, popeza kunatsimikizira kuti bowo la HDMI, chingwe ndi kachipangizo kotumiza chithunzi ka m'kati zonse zinali bwino. Chotsala chinali kusankha mzere woyenera, ndipo apa ndi pamene timapempha aliyense kuti achite mofatsa. Mzere wofunika ndi wachiwiri, wolembedwa Change Resolution, umene umayatsanso makina pa 480p. M'munsi mwake muli mizere ina imene ilibe gawo pa vutoli, makamaka iwiri yoyamba ndi mawu akuti Initialize PS4, imene imafufuta maakaunti, magemu oikidwa ndi zonse zimene munthu wasunga pa makinawo. Mzere wa Restore Default Settings sufufuta zosungidwa, koma umabwezera makonzedwe onse mmene analili pogula, zimene n'zochuluka kuposa zofunikira. Zimatipweteka mtima munthu akafika atafufuta kale masewero amene anawasunga kwa zaka, pamene mankhwala ake anali mzere umodzi wokha umene sutaya kalikonse.

Makina a bamboyo atayakanso, chithunzi chinabwera chili ndi zilembo zikuluzikulu komanso chosaoneka bwino, ndipo tinawafotokozera kuti mmenemo ndi mmene 480p imaonekera ndipo n'za kanthawi. Kenako tinalowa m'makonzedwe motere:

```
Settings > Sound and Screen > Video Output Settings > Resolution > Automatic
```

Makinawo anawerenga wailesiyo n'kukhazikika pa 1080p. Tinawalangiza bamboyo kuti asiye pa Automatic, chifukwa akadzabwerera ku wailesi ya 4K makinawo adzakwera okha, ndipo sadzatayapo ubwino uliwonse wa chithunzi.

Makina ena amatsatira mfundo yomweyo ngakhale mabatani amasiyana. Pa PS5 mumalowa mu Safe Mode m'njira yofanana, ndipo mzere wake ndi Change Video Output, m'kati mwake muli Change Resolution, pamene mizere ya Reset PS5 ndi imene imafufuta zinthu. Pa PS3 mumagwira batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 5 makina ali ozima mpaka atalira kachiwiri, ndipo izi zimathandizanso pamene mwachoka pa chingwe cha HDMI kupita pa chingwe chakale cha mitu itatu, chifukwa PS3 imakumbukira ngakhale bowo limene inkatulutsira chithunzi. Pa Xbox One ndi Xbox Series X mumatulutsa disiki, kuzimitsa makina, kenako kugwira pamodzi batani loyatsira ndi lotulutsira disiki mpaka kulira kwachiwiri kumveke pakatha masekondi pafupifupi 10, ndipo makinawo amayaka pa 640 kuchulukitsa ndi 480. Pa Xbox Series S, imene ilibe polowetsa disiki, batani lolumikizira kontirola ndi limene limagwiridwa pamodzi ndi loyatsira.

Pali nthawi zina pamene wailesi yatsopano imakhala yapamwamba kuposa yakale, koma chithunzi n'kusowabe, ndipo apa rezolushoni yokha si imene imakhala ndi mlandu. Chithunzi cha 4K chosintha maulendo 60 pa sekondi chimafuna HDMI 2.0, ndipo chosintha maulendo 120 chimafuna HDMI 2.1 pamodzi ndi chingwe chotha kunyamula katundu wotere. Chingwe chakale chingagwire bwino pa 1080p koma n'kuyamba kuthwanimitsa kapena kudetsa sikirini makina akakwera pa 2160p. Mawilesi ambiri amaperekanso mphamvu yonseyi pa mabowo ena okha, kapena amafuna kuti muiyatse m'makonzedwe a bowolo. Chinanso ndi HDCP, njira yotetezera zithunzi kuti zisakopedwe, imene makina ndi wailesi ziyenera kugwirizanapo chithunzi chisanaoneke. PS4 Pro ndi PS5 zili ndi posinthira HDCP mu Safe Mode, ndipo kusankha 1.4 m'malo mwa Automatic kumabwezera chithunzi pa mawilesi ena amene amalephera kugwirizana pa 2.2, ngakhale kuti zina za 4K zingasiye kuoneka. Ngati pakati pa makina ndi wailesi pali chokuzira mawu kapena kabokosi kogawira HDMI, timakachotsa kaye n'kulumikiza molunjika.

Makina timawatsegula pokhapokha Safe Mode ikakana kuoneka pa wailesi ina yodziwika kuti ndi yabwino, pa chingwe china komanso pa bowo lina. Zikatero timawunikira m'bowo la HDMI ndi tochi kuti tione ngati tizitsulo 19 ta m'katimo tapindika kapena kuthyoka, zimene zimachitika kawirikawiri pa nthawi yosamutsa makina chingwe chikadali chobayidwa, ndipo bowolo likakhala bwino timapita pa kachipangizo kotumiza chithunzi ka pa bolodi. Tisanayambe ntchito imeneyo timamuuza mwiniwake momveka kuti zimene anasunga zili pa hadi disiki, ndipo kusintha bowo la HDMI sikuzikhudza.